Musanalonjeze mlimi matumba, yang'anani danga lachiwiri

Ana anga amene mukuphunzira za chuma cha ulimi ku Bunda, ndi inu amene mwalembedwa ntchito yowerengera zokolola m'mabungwe, ndikufuna tikambirane za tebulo limene kompyuta imakulavulirani mukaiuza kuti ipange rigiresheni. Ambiri mwa inu mumathamangira kuona ngati nambala ili ndi nyenyezi. Mukaona zitatu mumasangalala, n'kulemba m'lipoti kuti feteleza amapindulitsa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyenyezi zija zimachokera pa nambala ina imene simuiyang'ana kawirikawiri, ndipo nambala imeneyo ndi imene imawonongeka msanga pa tebulo lonselo.

Funso limene ndikufuna tiyendere ndi lakale m'dziko muno. Kuyambira pamene boma linayamba pulogalamu ya makuponi a feteleza m'nyengo ya 2005/06, mpaka pamene inasinthidwa kukhala AIP mu 2020, anthu akhala akutsutsana pa chinthu chimodzi: kodi kilogalamu imodzi ya naitirojeni imaonjezera chimanga chochuluka bwanji m'munda wa mlimi wamba? Ku Chitedze, pa msewu wa ku Mchinji, kumene kafukufuku wa ulimi wakhala akuchitika kuyambira 1948, yankho limatuluka lalikulu, chifukwa kumeneko amabzala pa nthawi yake, amapalira pa nthawi yake, ndipo munda amauyeza ndi tepi. M'minda ya anthu, ngakhale yapafupi pomwepo ku Mpingu, yankho limatuluka laling'onopo ndiponso lomwazika. Amene akufuna kudziwa za minda ya anthu alibe njira ina koma kufunsa alimi ambiri n'kupanga rigiresheni.

Tiyerekeze, ndipo manambala awa ndawapanga kuti tiphunzirirepo, kuti mwayendera minda 240 m'midzi 15 ya ku Namitete, Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, minda 16 pamudzi. Pa munda uliwonse mwalemba chimanga chimene anakolola pa hekitala, naitirojeni amene anathira pa hekitala, ngati mbewu inali ya haibulidi, ndi kuti anapalira kangati. Mu Stata mwalemba chonchi:

```
regress chimanga naitirojeni haibulidi kupalira
```

Mzere wa naitirojeni watuluka motere:

```
            Coefficient  Std. err.     t   P>|t|  [95% conf. interval]
naitirojeni        14.0        3.5  4.00   0.000       7.1        20.9
```

Danga loyamba likunena kuti pakati pa minda iwiri yofanana mbewu ndi kapaliridwe, umene unalandira kilogalamu imodzi yoonjezera ya naitirojeni unakolola makilogalamu 14 oonjezera a chimanga, tikatenga pakatikati pa minda yonse. Musaisiye nambalayi m'chilankhulo cha kompyuta. Thumba la yureya la makilogalamu 50 lili ndi naitirojeni wokwana makilogalamu 23, pakuti yureya ndi 46 pa 100 aliwonse. Choncho 14 kuchulukitsa ndi 23 ndi makilogalamu 322, matumba asanu ndi limodzi ndi kachidutswa. Ichi ndi chimene mlimi wa ku Nsaru angamve: thumba limodzi la feteleza wobereketsa, matumba sikisi a chimanga.

Danga lachiwiri, la `Std. err.`, likuyankha funso lina. Mukanapita m'midzi ina n'kusankha minda ina 240, simukanapeza 14 ndendende. Mwina mukanapeza 11, mwina 18. Nambala ya 3.5 ndi mlingo wa kugwedezeka kumeneko, tinene kuti mlingo wa chikaiko. Zonse zotsatira kumanja kwake ndi ana ake. `t` ndi 14 kugawa ndi 3.5 basi. `P>|t|` imachokera pa `t`, ndipo nyenyezi zimachokera pa iyo. Malire awiri akumapeto ndi 14 kuchotsapo kapena kuonjezapo pafupifupi kawiri ka 3.5. Danga lachiwiri likalakwika, madanga anayi alakwika pamodzi, ngakhale loyamba lili bwinobwino.

Malirewo ndi amene ali ndi ntchito kwa mlimi. Tinene kuti m'chaka chimenecho thumba la yureya likugulidwa ndi mtengo wa matumba atatu a chimanga, makilogalamu 150. Kuti mlimi abweze ndalama yake, kilogalamu iliyonse ya naitirojeni iyenera kumupatsa 150 kugawa ndi 23, ndiye kuti makilogalamu 6.5 a chimanga. Malire apansi a tebulo lathu ndi 7.1, pamwamba pang'ono pa 6.5. Wowerenga tebulo limeneli anganene molimba mtima kuti ngakhale nambala yeniyeni itakhala kumunsi kwa malire, mlimi wapakatikati saluza. Koma kulimba mtima kumeneko kwatsamira pa 3.5, ndipo 3.5 yatsamira pa lingaliro limene kompyuta inatenga osakufunsani.

Lingaliro lake ndi ili. Munda uliwonse uli ndi chotsala chake, kusiyana kwa chimene unakolola ndi chimene mzere wa rigiresheni unaulosera. Njira yachizolowezi yowerengera mlingo wa chikaiko imayesa kuti zotsalazi zimamwazika mofanana paliponse, kuti minda yopanda feteleza ndi minda ya feteleza wambiri imaphonya mzere ndi mtunda wofanana. Aliyense amene anayendapo m'minda ya ku Kabudula mwezi wa Malichi akudziwa kuti sizili choncho. Minda yopanda feteleza imafanana pa umphawi wake: mapesi achikasu, zitsononkho zazifupi, wina wakolola makilogalamu 600 pa hekitala, mnzake 900. Minda imene inalandira wokulitsa ndi wobereketsa yomwe ndi imene imasiyana kwambiri. Kumene mvula inagwa bwino itangothiridwa yureya, nkhokwe imadzaza. Kumene kunachita ng'amba milungu itatu chimanga chikumasula, kapena kumene kaufiti ndi ntchemberezandonda zinalowa, feteleza yense uja amapita pachabe. Wina afika matani anayi, mnzake tani imodzi ndi theka. Kumwazika kosafanana kumeneku ndi kumene mabuku amakutcha heterosikedasitisite.

Pali gwero lachiwiri limene limaiwalika. Zokolola pa hekitala timazipeza pogawa matumba ndi kukula kwa munda, ndipo mlimi akanena kuti munda wake ndi theka la ekala, amakhala akuyerekeza. Pa munda waung'ono, kuphonya pang'ono pa kukula kwake kumasuntha zokolola pa hekitala kutali kwambiri. N'chifukwa chake m'kafukufuku wamkulu wa mabanja wa National Statistical Office, wa 2010/11, minda inayezedwanso ndi makina a jipiesi. Inu ngati munangofunsa pakamwa, yembekezerani kuti timinda tating'ono tidzamwazika kuposa minda yaikulu.

Nanga kumwazika kosafananaku kumaononga chiyani? Apa ndipempha mumvetsere bwino, chifukwa ambiri amasokoneza. Sikupotoza nambala ya 14. Ngati zina zonse zili bwino, 14 ikadali kuloza pamalo oyenera. Chimene kumapotoza ndi 3.5. Kupendekeka kwa mzere kumadalira kwambiri minda imene ili kutali ndi pakati, makamaka minda yowerengeka ya feteleza wambiri. Ngati minda imeneyo ndi yomwenso imamwazika kwambiri, ndiye kuti mboni zimene mlandu wadalira ndi zimene zikusinthasintha mawu. Njira yachizolowezi imasakaniza kumwazika kwa minda yonse n'kutenga pakati, motero imaona mboni zija ngati zokhazikika kuposa mmene zilili, ndipo imakupatsani mlingo wa chikaiko wochepa kuposa woona.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musanathamangire mayeso, jambulani zotsalazo muzione ndi maso. Kenako yesani, mukadali pa rigiresheni yoyamba ija:

```
rvfplot
estat hettest naitirojeni, iid
estat imtest, white
```

Chithunzi chikaonetsa timadontho topanikizana kumanzere n'kumanka timwazika kumanja, mwaliona kale vutolo. Lamulo lachiwirilo ndi mayeso a Trevor Breusch ndi Adrian Pagan a 1979. Ntchito yake ndi yosavuta kuimvetsa: amatenga chotsala cha munda uliwonse, kuchichulukitsa ndi icho chomwe kuti chizindikiro chochotsera chichoke, n'kufunsa ngati naitirojeni angalosere kukula kwake. Tinene kuti rigiresheni yaing'ono imeneyi yapereka `R-squared` ya 0.06. Kuchulukitsa ndi minda 240 tipeza 14.4. Zotsala zikanakhala zomwazika mofanana, nambala imeneyi ikanapitirira 3.84 kamodzi kokha pa maulendo 20, choncho 14.4 ndi umboni wamphamvu, ndipo kompyuta idzalemba `Prob > chi2 = 0.0001`. Samalani ndi mbali imene mayesowa aloza. Chimene akuyesa kugwetsa ndi mawu oti kumwazika n'kofanana. Nambala yaing'ono pamenepa ndi uthenga woti vuto lilipo. Ndaona malipoti ambiri otembenuza zimenezi, chifukwa wolemba anazolowera kuti nambala yaing'ono ndi nkhani yabwino. Kachidutswa ka `iid` kali ndi ntchitonso: mtundu woyamba wa mayesowa umayesa kuti zotsala zimagawika mwa belu, ndipo zokolola za chimanga, zokhala ndi minda ingapo yopitirira kutali, sizitero. Mtundu umene Roger Koenker anaukonza mu 1981, umene `iid` kamasankha, sufuna zimenezo.

Mayeso a Halbert White a 1980 amaponya ukonde waukulu. Amatenga zolosera zonse, chilichonse kuchichulukitsa ndi icho chomwe ndiponso ndi zinzake. Ukonde waukulu uli ndi mtengo wake. Ndi zolosera 10, zigawo zimatha kufika 65, ndipo pa minda 240 mayeso otere amafooka, osaona vuto limene lilipo. Komanso akakuwa, sanena chimene aona. Nthawi zina chimene chawadzutsa ndi mzere wolakwika. Naitirojeni samaonjezera chimanga mofanana mpaka kalekale: thumba loyamba limabweza zambiri kuposa lachisanu. Mukakakamiza mzere woongoka pa chinthu chopindika, zotsala zidzaoneka zachilendo, ndipo mankhwala ake ndi kukonza mzerewo, mwina poonjezera naitirojeni wochulukitsidwa ndi iye yemwe. Choncho mayeso akapanda kupeza kanthu, musalembe kuti vuto palibe. Lembani kuti simunalipeze.

Tsopano tifike pa chimene ambiri mumachilemba mongotengera anzanu:

```
regress chimanga naitirojeni haibulidi kupalira, vce(robust)
```

```
                            Robust
            Coefficient  std. err.     t   P>|t|  [95% conf. interval]
naitirojeni        14.0        5.6  2.50   0.013       3.0        25.0
```

Yang'anani danga loyamba. Likadali 14.0, ndipo lidzakhala choncho nthawi zonse, chifukwa njira ya robasiti sikhudza mzere. `R-squared` sisintha, zotsala sizisintha, zolosera za munda uliwonse sizisintha. Chimene yachita ndi chimodzi: m'malo motenga kumwazika kwapakati n'kukupereka kwa minda yonse, yalola munda uliwonse kubwera ndi chotsala chake, ndipo minda yakutali ndi pakati yawerengedwa molemera monga iyenera. Maganizo amenewa anayamba ndi Friedhelm Eicker ndi Peter Huber m'zaka za m'ma 1960, White n'kuwabweretsa kwa akatswiri a zachuma m'nkhani yomweyo ya 1980. Mlingo wa chikaiko wakwera kuchoka pa 3.5 kufika pa 5.6, ndipo ana ake onse asintha naye, kuphatikizapo `F` ya pamwamba pa tebulo.

Wokonda nyenyezi anena kuti palibe chatayika chachikulu, zinali zitatu, zatsala ziwiri, feteleza akugwirabe ntchito. Koma palibe mlimi amene anafunsapo ngati feteleza amaonjezera kanthu. Zimenezo amazidziwa kuposa ife. Funso lake linali la 6.5, loti kodi abweza ndalama yake. Malire apansi tsopano ndi 3.0, ndiye kuti makilogalamu 69 pa thumba la yureya, thumba limodzi la chimanga ndi kachidutswa, pamene iye analipira atatu. Malire apamwamba ndi makilogalamu 575, matumba 11 ndi theka. Chimene mungalembe moona mtima n'chakuti kuyerekeza kwanu kwapakati ndi matumba sikisi, koma minda 240 iyi sikukwanira kutsimikizira kuti phindu lilipo pa mtengo umenewo. Lipoti lanu likafika kwa mlangizi, mlangizi n'kuuza mayi wa ku Nambuma kuti atenge ngongole ya feteleza, amene adzagulitse mbuzi ndi mayiyo. Nkhuyu zodya ana zinapota akulu.

Musaganize kuti robasiti imakweza chikaiko nthawi zonse. Kumwazika kukakhala kwakukulu pa minda yapakati n'kukhala kochepa kumapeto, mlingo wa robasiti umatsika. Ndipo pa minda yochepa njirayi payokha imakonda kuchepetsa chikaiko, chifukwa mzere umakokeredwa ku minda yakumapeto n'kuchepetsa zotsala zake. James MacKinnon ndi White anakonza mitundu ina mu 1985, ndipo Scott Long ndi Laurie Ervin, atayesa mitunduyi mu 2000, analangiza `HC3` pamene owerengedwa sakupitirira 250. Ife tili pa 240, choncho `vce(hc3)` ndi yotiyenera. Dziwaninso kuti `vce(robust)` ya Stata ndi `HC1`, pamene `vcovHC` ya mu R imayambira pa `HC3`. Anthu awiri a manambala amodzimodzi angathe kukangana tsiku lonse, chonsecho palibe walakwitsa. Lembani pansi pa tebulo mtundu umene mwagwiritsa ntchito.

Pali chikaiko china chimene robasiti wamba saona, ndipo m'kafukufuku wa kumidzi ndi chachikulu kuposa chimene takambachi. Minda yathu 240 sinamwazike m'boma lonse la Lilongwe. Ili m'midzi 15. Minda ya m'mudzi umodzi inalandira mvula imodzi, ili pa dothi lofanana, kaya la katondo kaya lamchenga, ndipo feteleza anafika ku depoti yawo tsiku limodzi. Ng'amba ikagwa pamudzi, zotsala za minda yonse 16 zimatsikira pamodzi. Minda imeneyo sikukuuzani nkhani 16 zosiyana. Kafukufuku wa boma wa 2010/11 uja anapangidwanso motero, madera 768, mabanja 16 m'dera lililonse, ndipo aliyense wogwiritsa ntchito manambala ake ayenera kuwerengera za maderawo. Lamulo lake ndi `vce(cluster mudzi)`. Tinene kuti latipatsa 7.0. Nambala ya 14 sinasunthe, `t` ndi 2.00, ndipo popeza kompyuta tsopano ikuwerenga midzi 15 m'malo mwa minda 240, `P>|t|` ndi 0.065, malire akuchokera pa -1.0 kufika pa 29.0. Ngakhale 7.0 yomweyo musaikhulupirire kwambiri, chifukwa njirayi imafuna midzi yambiri, makumi angapo, ndipo pa midzi 15 imakondanso kuchepetsa chikaiko. Phunziro lake ndi la tsiku lokonza kafukufuku: ndalama yomweyo ikanagula nzeru zambiri pa midzi 40 ya minda 6 kusiyana ndi midzi 15 ya minda 16, ngakhale mafuta a njinga yamoto akanakwera.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chiganizo chimene ndimachipeza m'malipoti, chakuti tagwiritsa ntchito robasiti, choncho zotsatira zathu n'zodalirika. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Wolembayo anamva kuti pali lamulo lokonza zinthu, osafunsa kuti limakonza chiyani. Ku Nsaru ndi ku Kabudula anthu ambiri amasinthanitsa chimanga ndi fodya, mtedza kapena soya. Munda umene chaka chatha munali fodya umakhala ndi chonde chotsalira, ndipo mwini wake, amene anagulitsa fodya, ndi yemwenso ali ndi ndalama yogulira matumba ambiri a feteleza ndi yolipirira aganyu. Ngati simunafunse kuti m'mundamo munali chiyani chaka chatha, chimanga chobwera ndi chonde chotsalira chija chidzalembedwa pa dzina la naitirojeni wa chaka chino, ndipo 14 idzakhala yokwera kuposa yoona. Zingathenso kupita kwina: mlimi wa minda iwiri akhoza kuthira feteleza pa munda woguga n'kusiya wachonde, ndipo apo nambala idzatsika. Robasiti sikhudza 14, choncho singachotse kupotoka kuli m'kati mwa 14. Idzakupatsani malire owerengedwa bwino ozungulira nambala yolakwika. Mankhwala a vuto ili ali m'mafunso amene munanyamula popita kumudzi, kapena m'kubwerera ku minda yomweyo chaka chachiwiri kuti munda uliwonse uyerekezedwe ndi iwo womwe.

Pomaliza, musataye chimene mayeso a Breusch ndi Pagan anakuonetsani ngati kuti chinali chitsotso chongofunika kusesa. Richard Just ndi Rulon Pope anaonetsa mu 1978 kuti chothira m'munda chingathe kusintha zinthu ziwiri padera, zokolola zapakati ndi kumwazika kwake, ndipo kuti zonse ziwiri zingayezedwe. Ngati zotsala zikukula pamene naitirojeni akukula, mwapeza kuti feteleza amakweza zokolola komanso amakweza ngozi. Malire a 3.0 ndi 25.0 aja amanena za chikaiko chanu pa nambala yapakati. Sanena za mtunda umene munda umodzi ungaphonye, umene ndi waukulu kuposa pamenepo. Izi zimathandiza kumvetsa chifukwa chake mlimi wanzeru zake amathira thumba limodzi kapena awiri pamene malangizo a boma a chimanga cha haibulidi amanena makilogalamu 92 a naitirojeni pa hekitala, matumba awiri a wokulitsa ndi atatu a wobereketsa. Iye amakolola munda umodzi, m'chaka chimodzi, ndi ngongole imodzi. Choncho m'lipoti lanu ikani mizere itatu ya naitirojeni, wachizolowezi, wa `HC3` ndi wa midzi, moyandikana. Sandutsani malire ake kukhala matumba, lembani mtengo wa yureya ndi wa chimanga umene mwagwiritsa ntchito ndi mwezi wake, ndipo onjezani tebulo laling'ono loonetsa mmene zokolola zinamwazikira pa minda yopanda feteleza, ya thumba limodzi kapena awiri, ndi ya matumba oposa pamenepo.